Madontho Atatu a Apongozi Anga

Chaka chimene fakitale ya nsalu ku Kadoma inatiuza kuti tikayambe tapuma kunyumba mpaka zinthu zitakhala bwino, ndinatsegula kashopu kotayipa makalata pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Chuma changa chonse chinali kompyuta imodzi yokalamba, makina a fotokope amene ankagwira ntchito tsiku limene magetsi atikumbukira, sizasi ndi kabotolo ka guluu. Fakitale ija sinandiitanenso, moti mwina mpaka lero ndikadali pa tchuthi. Kuwonjezera apo ndinali mlembi wa sosaite yathu ya maliro ku Ingezi, lokeshoni yathu ya ku Kadoma, ya ife ana a anthu amene anachokera ku Malawi kalekale. Munali Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo tinkagwirizana bwino pa chilichonse chokhudza munthu amene wafa kale.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anabadwira pa pulazi ina kunja kwa Chegutu. Anakulira pomwepo, kukwatiwa pomwepo, kuthyola thonje la mzungu mpaka msana unapindika, ndi kuika amuna awo m'manda pomwepo. Pulaziyo itatengedwa m'manja mwa mzunguyo n'kugawidwa kwa anthu ena, anthu a mu komboni anapatsidwa masiku owerengeka kuti achoke, ndipo anauzidwa kuti abwerere kwawo, kumene ambiri mwa iwo anali asanapondeko. Apongozi anakagona milungu ingapo m'mbali mwa msewu ndi katundu wawo, mpaka mbale wawo wina anawapatsa kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yake ku Chinengundu, lokeshoni ya ku Chegutu.

Ine ndi apongozi tinkalemekezana kwambiri, kutanthauza kuti sitinkalankhulana. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi m'maso, sakhala nawo pamphasa imodzi, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ana a masiku ano amaseka mwambo umenewu, koma ine ndinkausunga ndi mtima wonse, chifukwa munthu amene sulankhula naye sangakupemphe kanthu mwachindunji. Mkazi wanga nthawi imeneyo ankakhalira ku Botswana kukaoda sopo ndi mafuta ophikira, ndipo kunyumba ankangobwera kudzachapa zovala.

Tsiku lina ndinalandira envelopu kuchokera kwa mlamu wanga amene ankasamalira okalamba ku Mangalande. Munali chithunzi chimodzi. Iye anali akuonera wailesi ya kanema, mwadzidzidzi n'kuona mayi ake ali chikhalire pa mtolo wa mabulangete m'mbali mwa msewu wa ku Chegutu, akulankhula ndi atolankhani akunja. Anathamangira kamera n'kujambula galasi la kanemayo kamodzi kokha, filimu n'kupitirira. Pachithunzipo apongozi anali atakweza dzanja, pakamwa pali yasa, ndipo m'munsi munali mizere iwiri ya Chingelezi ya zilembo zoyera. Tanthauzo lake linali lakuti: "Ine sindikupempha munda. Chimene ndikufuna ine ndi..." Panathera pamenepo, pa madontho atatu.

Masiku amenewo kulankhula ndi atolankhani akunja kunkatha kukubweretsera alendo amene sagogoda. Choncho chithunzicho sindinachipachike poonekera. Ndinachimata kuseri kwa chitseko cha shopu, n'kumachionetsa mwachinsinsi kwa aliyense wolowa.

Mmodzi mwa olowawo anali a Shehe a mzikiti wina wa m'tauni mwathu, Myao wowonda, wolankhula motsitsa, amene anaphunzira zaka zambiri kumaiko a Aarabu. Tsikulo anabwera ndi mlendo wawo, Mwarabu wogula thonje, kudzachita fotokope pasipoti. Mwarabuyo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenaka ananena kudzera mwa a Shehe kuti kwawo kuli mayi ake ndi amayi anzawo amene chaka chilichonse amasonkhanitsa chopereka n'kusankha munthu mmodzi wovutika woti amuthandize. Amayiwo sankawerenga Chingelezi. Mwarabuyo anati tilembe mawu a gogoyu m'Chiarabu pansi pa chithunzi, iye achitenge pobwerera kwawo pakatha milungu itatu, ndipo chimene gogoyu akupempha chidzachitika. Ananenetsa kuti chinthu chake chikhale chimodzi, chomwe wapempha mwini wake.

Nkhani yotere sichedwa. Lamlungu lotsatira sosaite inaitanitsa msonkhano wadzidzidzi pakhonde la a tcheya, ndipo anabwera ngakhale anthu amene pamaliro sitinkawaona. A tcheya anali kapitawo wopuma wa ku mgodi, munthu wa mimba yake, amene akakwiya ankatukwana m'Chilapalapa, chilankhulo cha ku migodi. Anachigwira chithunzicho patali ndi maso n'kulengeza kuti nkhaniyi ndi yosavuta: mzimayi aliyense wa ku pulazi chimene amafuna ndi chigayo. Wina anati ayi, taonani mmene akwezera dzanja, akuloza kumpoto, akufuna basi yotitengera tonse ku Malawi. Msungichuma anayang'anitsitsa milomo ya apongozi n'kunena kuti pakamwa potseguka chonchi ndi pa munthu amene akutchula galimoto yonyamula maliro. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikulemba zonse m'buku. Pamapeto tinavota pokweza manja, ndipo chigayo chinapambana. Apongozi anga anali moyo, ali ndi makutu ndi pakamwa, pa mtunda wosakwana ola limodzi pa kombi, koma m'buku langa la tsiku limenelo mulibe munthu amene ananena kuti tikawafunse.

M'mawa mwake ine ndi a tcheya tinapita kwa a Shehe. Kompyuta yanga sinkadziwa Chiarabu. Nthawi ina nditayesa kutsegula kalata ya Chiarabu inangotulutsa timabokosi. Ndiye tinagwirizana kuti a Shehe alembe pamanja, ine ndimate pansi pa chithunzi n'kuchita fotokope. Anatenga cholembera chakuda, n'kuyamba kudzanja lamanja la pepala kulowera kumanzere, zilembo zikugwirana ngati mkanda. Atafika pothera anadontheza madontho atatu kumapeto a kumanzere. M'munsi mwake analemba kamzere kena kakang'ono, n'kuika cholembera pansi.

A tcheya anafunsa kuti chigayo chili pati. A Shehe anati palibe. Anatifotokozera mofatsa, ngati akuphunzitsa ana, kuti mawu olembedwa pansi pa filimu amaikidwa mizere iwiri basi, n'kukhala pagalasi kamphindi kochepa koti munthu awerenge, kenaka n'kubwera ena. Munthu akalankhula chiganizo chachitali amachidula pawiri kapena patatu, ndipo madontho aja amauza woonera kuti mawu akupitirira. Mlamu wanga anagwira chidutswa choyamba, chachiwiri chinapita ndi filimu. Anatinso tisaiwale kuti gogoyu analankhula Chichewa, wina n'kuchitembenuzira m'Chingelezi mochifupikitsa kuti chikwane pagalasi, ndiye iwo anali kale munthu wachitatu kunyamula mawuwa, ndipo sakanawonjezerapo katundu wa eni ena. Kamzere kakang'ono kaja kanali kodziwitsa owerenga kuti chiganizo chadukira apa, mbali yotsala ili pa chithunzi chotsatira chimene ife tilibe.

A tcheya anati sosaite yavota. A Shehe anati sosaite ikhoza kuvotera zofuna zake, ndipo iwo anali okonzeka kuzilemba m'Chiarabu pa pepala lina, pansi pa dzina la sosaite, kuti amayi aja adziwe amene akupempha. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, mayiwa si apongozi anu kodi? Kwerani kombi mukawafunse. Mukabwera ndi yankho ndidzalilemba, ndipo ndidzalembanso kuti ananena liti ndiponso kwa yani."

Ndinawayankha kuti iwo ngati munthu wamkulu akudziwa mwambo wathu, mkamwini safunsa apongozi mafunso, ndipo mkazi wanga ali ku Botswana. Anati ku Chinengundu kuli amayi ambiri amene angakhale pakati pathu n'kundifunsira. Ndinati ndiganizira. Zoona zake n'zakuti a tcheya anali atandinong'oneza kale kuti chigayo chikabwera chidzafuna munthu wophunzira wochiyang'anira, ndipo m'sosaite monse wodziwa kutayipa ndinali ine ndekha. Ndinkaopa kuti ndikakafunsa, apongozi akatchula kanthu kena kachabechabe monga bulangete.

A Shehe anasunga lonjezo lawo. Analemba pepala lachiwiri la zofuna za sosaite, motsatira ndondomeko imene ndinawapatsa: choyamba chigayo, chachiwiri galimoto ya maliro, chachitatu basi. Ndinatenga mapepala onse awiri kupita nawo kushopu, ndipo anakhala m'dirowa milungu iwiri ndikuuza a tcheya kuti ndikudikira magetsi.

Tsiku loti Mwarabu anyamuka mawa lake, magetsi anabweradi masana, ndipo ndinatseka chitseko. Chiarabu sindidziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma nambala wani yawo ndi kandodo koima ngati yathu, ndipo inali kumanja kwa mzere wapamwamba. Ndinadula mawu oyandikana nayo, n'kuwamata pamwamba pa madontho atatu aja, kumanzere, monga ndinaonera dzanja la a Shehe likuyendera. Kamzere kochenjeza kaja ndinakadula n'kukataya. Nditachita fotokope koyamba m'mbali mwa chigamba munkaoneka kamthunzi, ndiye ndinapakapo utoto woyera wofufutira zolakwa n'kuchitanso. Kachiwiriko panatuluka pepala loyera bwino, dzanja limodzi, inki imodzi, apongozi anga akupempha chigayo m'Chiarabu chokongola. Sindibisa, ndinanyadira ntchito ya manja anga. Envelopu ndinaimata ndekha n'kukaipereka kwa Mwarabu ku hotela kumene ankagona, osadzera kumzikiti.

Mkazi wanga atabwera ndinamuuza kuti mayi ake atchuka mpaka kwa Aarabu ndipo mwina kubwera kanthu. Anafunsa kuti kanthu kanji, ine ndinati tidikire tione. Anachapa zovala zake n'kubwerera.

Mvula inagwa, anthu anabzala, ndipo chimanga cha amene anali ndi mbewu chitayamba kumasula, chigayo chinafika pa lole kuchokera ku Harare. Chinali chatsopano, chobiriwira, choyendera dizilo. Dizilo m'dziko munalibe. Magalimoto ankagona pamzere masiku angapo pa malo omwetsera mafuta, madalaivala akusewera bawo pansi pa mitengo. Chimanga choti n'kugayitsa nachonso munalibe, poti chaka chapitacho minda yambiri inagonera. Koma a tcheya anali atamanga kale kashedi pabwalo la nyumba yawo, ponena kuti ndi pokhapo pali mpanda wodalirika, ndipo anakonza mwambo wotsegulira. Dizilo wa tsikulo tinachita kupopa ndi kapaipi mu thanki ya lole yomwe inabweretsa chigayocho, ndipo chimanga chinali ndowa imodzi yobwereka kwa mkazi wa msungichuma, amene anaima pafupi kuti ufa wake usasochere.

Mwarabu uja anabweranso, ali ndi kamera, chifukwa mayi ake ankafuna kuona gogoyo ataima pambali pa chimene anapempha. A Shehe anabwera kudzamasulira. Apongozi anawatenga ku Chinengundu pa kombi, mkazi wanga atawaveka chitenje chatsopano, n'kuwakhazika pampando wa pulasitiki kutsogolo. Ine ndinakaima kuseri kwa shedi monga mwa ulemu, ndipo tsiku limenelo ulemuwo unandithandiza kwambiri.

A tcheya analankhula nthawi yaitali za umodzi. Kenaka Mwarabu anatulutsa pepala langa lija m'chikwama, n'kuliwerenga mokweza, n'kupatsira a Shehe kuti atembenuze. Ndinkasuzumira pa mpata wa malata. A Shehe analiyang'ana pepalalo, n'kulipendeketsa kudzuwa, n'kuyendetsa chala pamene panali madontho. Sanandifunefune ndi maso. Anangonena m'Chichewa zimene zinalembedwapo, kuti mayi, pepalali likuti inu munati simukupempha munda, chimene mukufuna ndi chigayo, ndiye chigayo chanu ndi ichi. Atatero anawonjezera mawu awoawo, kuti iwo pamene ankalemba sanalembe chonchi, choncho akupempha mayiwo anene okha chimene ananena tsiku lija pamsewu.

Apongozi anachiyang'ana chigayocho kuyambira pamwamba mpaka pansi. Analankhula motsitsa, moti anthu akumbuyo anachita kusendera.

"Chigayo ine ndigayepo chiyani? Sadza yomwe ndikudya ndi ya eni nyumba. Ine ndinawauza azungu a kamera aja kuti ndikufuna waya. Waya waminga mpukutu umodzi ndi mitengo inayi, nditchinge manda a bambo a ana angawa mvula isanagwe. Amene anatenga pulazi ndinakawapempha, sanakane. Anati gogo tchingani nokha, wa thirakitala ndi waganyu, sadziwa kuti pali munthu apo."

A Shehe anatembenukira kwa Mwarabu n'kumasulira zonse, ndipo ngakhale sindimva Chiarabu ndinadziwa kuti sakudumpha kanthu, chifukwa anawerenga mitengo inayi ija pa zala. Mwarabuyo anafunsa funso limodzi lalifupi, a Shehe n'kupereka yankho lalifupinso. Kenaka anabweza kamera m'chikwama osajambula. A tcheya anayesa kunena kuti chigayo chikayamba kugwira ntchito waya adzagulidwa wambirimbiri, koma mawu awo anamira, poti mwamuna amene tinamuika pa injini anali atauzidwa kuti ailize a tcheya akangotambasula dzanja. Chigayo chinalira, chinagaya theka la ndowa ija, dizilo n'kutha.

Mkazi wanga anandipeza kuseri kwa shedi. Sanakalipe. Anandifunsa ngati ndi ine amene ndinasintha pepala lija, ndinavomera, ndipo anandiuza kuti mawa m'mawa ndikapeze waya kulikonse kumene ndingamupeze. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo chimene chinandiwawa koposa n'chakuti waya ndinamupeza mosavuta. Mnzanga wina wa ku fakitale anali ndi mpukutu wadzimbiri kuseri kwa chimbudzi chake, ndipo anandipatsa ulere, n'kundithokoza kuti ndamuchotsera zinyalala.

Tinapita atatu, ine, mkazi wanga ndi apongozi. Kombi inatitsitsa pamphambano kunja kwa Chegutu, kotsalako tinayenda pansi, apongozi patsogolo, mwana wawo pakati, ine kumbuyo nditasenza waya paphewa ndi mitengo inayi m'khwapa. Bambo amene anapatsidwa chigawo chimenecho cha pulazi tinamupeza akukonza njinga. Anali mphunzitsi wa ku tauni, waulemu wake, ndipo anawakumbukira apongozi. Anati anadikira mpaka mvula yachiwiri, ndipo ataona kuti sikubwera munthu anaganiza kuti mwina banja linasamukira ku Malawi. Anatiloleza kulowa m'munda, n'kutipempha kuti tisathyole chimanga.

Komboni kunalibe. Njerwa anthu anazula, malata anatenga, ndipo mitengo ikuluikulu imene inkapatsa mthunzi kumanda inali itadulidwa nkhuni, zitsa zake n'kutenthedwa. Paliponse panali chimanga chokhachokha, chotalika kuposa munthu, mizere yowongoka kuyambira kumsewu mpaka kudambo. Manda a anthu a pa pulazi sankakhala ndi chiliza. Unkangokhala mtumbira wa dothi, mwina ndi mbale yobooka pamwamba, ndipo khasu la thirakitala zotere silizimva n'komwe.

Apongozi analowa m'mizere muja akuwerenga mapazi kuchokera pamene ankaganiza kuti panali mpopi. Anabwerera, n'kuyambiranso kuchokera pa chulu. Mkazi wanga ankakanda pansi ndi kamtengo, n'kupeza kachidutswa ka mbale, koma patsogolo pang'ono anapezanso kena, ndi kenanso mzere wachitatu, poti thirakitala inali itazimwaza. Tinazungulira mpaka dzuwa linafika pamutu, masamba a chimanga akutichekacheka m'mikono.

Kenaka apongozi anaima n'kutembenuka. Sanayang'ane mwana wawo, anayang'ana ine.

"Bambo, paja dzenje lija munakumba nawo ndinu, ine ndinali m'nyumba ndikulira. Tandiuzani, ndi pati?"

Ndinatula waya pansi. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, ndipo mizere yonse inali yofanana. Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka mawu akuti ndi apa, chifukwa akanandikhulupirira, tikanazika mitengo inayi ija, ndipo iwo akanapita kwawo mtima uli m'malo. Ndinawayankha kuti sindikudziwa, mayi.

Anagwedeza mutu, n'kukhala pansi pakati pa mizere iwiri, n'kuyamba kuwauza amuna awo kuti tabwera koma tachedwa. Ankalankhula akutembenukira uku ndi uku, kuti kulikonse kumene agona amve.